Kalata ya Mkhristu wopita ku Joni: zoyenera kulembamo ndi zoyenera kusiya

Funso: Ndine mlembi wa mpingo wina wa Reformada kuno ku Angonia. Mkhristu wathu wa mgonero anyamuka mwezi wamawa kupita ku Joni kukafuna ntchito, mkazi ndi ana akutsala. Wapeza kale mpingo wa Amalawi kumeneko ndipo akufuna kalata. Ine ndinazolowera makalata opita ku mipingo ya konkuno. Yopita kunja ndiilembe bwanji kuti asakamukayikire?

Yankho: Alembi, musanagwire cholembera, bwalo la akulu ampingo liyambe lagwirizana kuti munthuyu mukumupatsa kalata iti, chifukwa makalata alipo awiri ndipo ntchito zake n'zosiyana. Kalata yosamukira imachotsa dzina la munthu m'buku lanu n'kulipereka ku mpingo wina. Kalata yoyendera, imene ena amati yodziwitsa, imangouza mpingo winawo kuti uyu ndi wathu, alibe mlandu, mumulandire ku mapemphero ndi ku Mgonero pa nthawi imene ali kwanuko. Dzina lake limatsala kwa inu.

Kwa bambo amene akusiya banja kumudzi ndipo sanapeze ngakhale ntchito, ine ndingalangize yoyendera. Anthu opita ku Joni sakhazikika malo amodzi chaka choyamba. Afikira kwa m'bale wawo, patapita miyezi iwiri ganyu wapezeka tauni ina, ndipo ena amabwerako dzinja lisanafike. Mukamupatsa yosamukira lero, n'kumufufuta m'buku, iye osakaipereka kulikonse, munthuyo asanduka wopanda mpingo: kuno kulibe, uko sakumudziwa. Vuto limaonekera tsiku limene mkazi wake adzabwere ndi khanda kuti libatizidwe, kapena pakagwa maliro, anthu n'kuyamba kufunsana kuti kodi mwambo uyendetse ndani. Ndi yoyendera, akakhazikika, mpingo wa kumeneko ndiwo udzakulembereni kupempha yosamukira. Imeneyo ndiyo njira yosataya munthu.

Tsono kusiyana kwa kalata ya konkuno ndi yopita kunja kuli apa. Mukalembera mpingo wa ku Domwe kapena ku Tsangano, abusa a kumeneko amadziwa chidindo chanu, amadziwa siginecha ya abusa anu, mwina anaphunzira limodzi ku sukulu ya ubusa ya Hefsiba. Mizere itatu imakwana. Wolandira kalata ku Joni sakudziwani inu, sadziwa kuti tauni ya Ulongwe ili kuti, ndipo anaonapo makalata abodza ochuluka. Chimene amafuna si mawu okoma. Amafuna zinthu zoti angazitsimikize: ndani walemba, munthuyu ndi yemweyu kodi, ndipo ali pa mlingo uti mu mpingo.

Tiyambe ndi dzina, poti makalata ambiri ochokera kuno amagwera pamenepa. M'buku la mpingo munalemba monga timatchulira, koma ku kaundula wa boma analemba mwa Chipwitikizi. Mwale amasanduka Muale, Kamwendo amasanduka Camuendo, Yohane amasanduka João. Ena m'buku la mpingo ali ndi mfunda, pomwe pa chitupa cha boma cha BI pali dzina la bambo awo ndi la agogo awo basi. Mlembi wa ku Joni akaona kalata ikunena Yohane Mwale, pasipoti ikunena João Muale, sangadziwe kuti ndi munthu mmodzi, ndipo ali ndi chifukwa chokayikira. Muitanitseni munthuyo abwere ndi pasipoti yake, mukopere dzina chilembo ndi chilembo, kenako muwonjezere kuti "amene m'buku lathu analembedwa kuti wakutiwakuti". Tsiku lobadwa litengeninso pa pasipoti. Likasiyana ndi la m'buku la ubatizo, zimene zimachitika kawirikawiri kwa anthu amene analembetsa ku boma atakula kale, musasinthe buku mwakachetechete. Lembani la pa pasipoti m'kalata, ndipo m'mphepete mwa buku mulembe kuti pali kusiyana. Nambala ya pasipoti musaiike. Kalata imadutsa m'manja ambiri ndipo dzina ndi tsiku lobadwa n'zokwanira.

Chachiwiri, dzidziwitseni nokha. Pamwamba pakhale dzina lonse la mpingo monga lilili pa chidindo, presibitale, sinodi, boma, chigawo cha Tete, Mozambiki. Kwa mpingo wa CCAP, chiganizo chimodzi chonena za ubale chimathandiza kwambiri, pakuti Amalawi ambiri sadziwa kuti IRM, kutanthauza Igreja Reformada em Moçambique, n'chiyani. Sinodi ya Mphatso ya IRM inatenga dzina ku misiyoni ya Mphatso imene amishoni a Dutch Reformed, omwewo a ku Nkhoma, anatsegula mu 1909, ndipo boma la Apwitikizi linaitseka mu 1922. Mbiri yonseyo sifunika m'kalata. Kungonena kuti ndinu mpingo wa chikhulupiriro cha Reformed, wa muzu umodzi ndi Sinodi ya Nkhoma, wowerenga adziwa kale kuti ubatizo wanu ndi kalasi yanu n'zofanana ndi zawo.

Pakati pa kalata ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo zonse zichokere m'buku, osati m'mutu mwa mwini wake. Anabatizidwa liti, kuti, ali khanda kapena atakula. Analowa liti mu Mgonero atamaliza kalasi. Panopa akudya Mgonero kapena ayi. Mawu oti "ndi Mkhristu wabwino" sanena kanthu, chifukwa ndi wa kalasi yemwe angakhale wabwino. Mawu amene wolandira akufuna ndi akuti "ndi Mkhristu wa mgonero, ndipo pa tsiku lino sali pa chilango chilichonse".

Pa ubatizo pali chinthu cha kwathu kuno chimene muyenera kusamala nacho. Anthu ambiri a ku Angonia ndi Tsangano obadwa m'zaka za nkhondo anabatizidwira ku Malawi, ku Dedza kapena ku Ntcheu, makolo awo ali othawa kwawo, ndipo anabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992. Ena anabwera ndi makadi, ena makadi anatayika, ndipo mabuku a mipingo ina ya kuno anapsa kapena kudyedwa ndi chiswe. Ngati munthu wanu ali m'gulu limeneli, musapeke tsiku kuti kalata ioneke yokwanira. Lembani chimene chilipo: "anabatizidwa ali khanda m'chaka cha 1989 ku mpingo wa CCAP m'boma la Dedza, monga mwa umboni wa akulu ampingo awiri amene analipo, khadi lake linatayika". Wowerenga wanzeru amakhulupirira chiganizo chotere kuposa tsiku losalala lopanda gwero. Komanso tsiku lopeka limadzagwidwa, mwini wake akadzafunsidwa pa bwalo n'kutchula chaka china.

Za banja zilembedwe, ngakhale mwini wake atanena kuti n'zosafunika. Tchulani dzina la mkazi, tsiku limene ukwati unadalitsidwa ku tchalitchi, ndiponso kuti mkaziyo ali moyo ndipo watsala kuno. Ngati ukwati uli wa ankhoswe okha, sunadalitsidwe, nenani choncho. Chifukwa chake mukuchidziwa: amuna ena akafika kumeneko amakhala ngati mbeta yachimuna, chaka chisanathe apempha kudalitsa ukwati wina, ndipo abusa a kumeneko alibe podziwira. Chiganizo chimodzi chimenechi chimateteza mayi wotsalayo, chimatetezanso mpingo wolandira. Ana atchuleni mwachidule, angati obatizidwa ndi angati osabatizidwa, n'kunena kuti akhalabe m'manja mwa mpingo wanu.

Maudindo ndi nkhani yaifupi. Ngati anali mtumiki, mkulu wa mpingo kapena wotsogolera kwaya, tchulani ndi zaka zake, monga mbiri chabe. Udindo susamuka ndi kalata. Akafika kumeneko ndi Mkhristu wamba mpaka eni ake atamusankha. Mumuuze pakamwa asananyamuke, chifukwa alipo amene amakakhala pa mpando wa akulu Lamulungu loyamba, n'kuyamba ndi manyazi.

Nachi chitsanzo, ndi mayina ongopeka. Pamwamba, pambuyo pa dzina la mpingo, pakhale nambala ya kalata ndi tsiku: 07/2025, 9 Marichi 2025. Mwezi muulembe m'mawu, popeza ku South Africa ambiri amayamba ndi chaka polemba tsiku, ndipo manambala okhaokha amasokoneza.

Kwa Abusa ndi Bwalo la Akulu Ampingo, mpingo wakutiwakuti, Johannesburg.

Okondedwa mwa Ambuye, tikupereka moni m'dzina la Yesu Khristu. Ife ndife mpingo wa IRM, Sinodi ya Mphatso, wa chikhulupiriro cha Reformed, wa muzu umodzi ndi CCAP Sinodi ya Nkhoma.

Tikukudziwitsani za mbale wathu João Muale, amene m'buku lathu analembedwa kuti Yohane Mwale, wobadwa pa 14 Juni 1989. Anabatizidwa ali khanda m'chaka chomwecho ku mpingo wa CCAP m'boma la Dedza, monga mwa umboni wa akulu ampingo awiri amene analipo. Analowa mu Mgonero pa mpingo wathu pa 3 Disembala 2006. Ndi Mkhristu wa mgonero ndipo pa tsiku lino sali pa chilango chilichonse. Anatumikira ngati mtumiki kuyambira 2018 mpaka 2021.

Ukwati wake ndi mayi wakutiwakuti unadalitsidwa pa mpingo uno pa 17 Ogasiti 2013. Mayiwa atsala kuno pamodzi ndi ana atatu, awiri obatizidwa ndi mmodzi wosabatizidwa, ndipo onse akhalabe m'manja mwathu.

Iyi ndi kalata yoyendera, si yosamukira. Dzina lake likadali m'buku lathu. Tikupempha kuti mumulandire ku mapemphero ndi ku Mgonero, ndipo mumuyang'anire mwaubusa. Kalatayi iperekedwe kwa inu isanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera lero. Mukamulandira, chonde mutidziwitse. Akakhazikika n'kufuna kusamuka, mutilembere ndinu.

Bwalo la akulu ampingo linavomereza kalatayi pa msonkhano wake wa pa 8 Marichi 2025.

Pansi pake asainire abusa ndi inu alembi, dzina lililonse litalembedwa moonekera pansi pa siginecha, nambala ya foni pambali pake, ndipo chidindo chikhudze pang'ono siginecha ya abusa kuti wina asadzadule n'kumata pa pepala lina. Imeneyi ndi tsamba limodzi. Kalata ya masamba awiri imataya tsamba lachiwiri, lomwe lili ndi chidindo. Amene amakonda kuika vesi angatchule Aroma 16:1-2, pamene Paulo akupereka Febe wa ku Kenkreya kwa abale a ku Roma, koma kungotchula, osalalikira.

Onani zinthu ziwiri m'chitsanzocho. Choyamba ndi malire a nthawi. Kalata imanena za munthu monga analili tsiku limene inalembedwa. Ikakhala m'chikwama zaka zitatu, ikuchitira umboni munthu amene inu simukumudziwanso. Miyezi isanu ndi umodzi ndi muyeso wabwino, koma ngati malamulo a sinodi yanu aika nthawi ina, tsatani imeneyo. Chachiwiri ndi tsiku la msonkhano wa bwalo. Kalata yotere si ya abusa okha kapena ya mlembi yekha. Mkulu wa dera limene munthuyo amakhala ndiye amadziwa ngati pali nkhani imene sinafike ku bwalo, ndiye afunsidwe poyera ndipo yankho lake lilowe m'maminitsi. Anthu apaulendo amakonda kubwera Loweruka madzulo basi ili ya Lolemba. Ngati bwalo silingakumane, abusa akhale ndi mkulu wa dera ndi inu, mulembe, ndipo mudzafotokoze pa msonkhano wotsatira. Koma mlembi kusaina yekha chifukwa abusa ali ku sinodi, ayi.

Chilankhulo. Chipwitikizi musachitumize ku Joni, sakachiwerenga, ndipo kalata imene munthu ayenera kudzimasulira yekha pamaso pa bwalo ilibe mphamvu. Poti ndi mpingo wa Amalawi, Chichewa chikwana. Komabe ndikanakhala ine ndikanalemba Chichewa kutsogolo ndi Chingerezi kuseri kwa pepala lomwelo, mbali zonse zosainidwa ndi kudindidwa, chifukwa mawa ntchito ingamutengere kutali n'kukapezeka mu mpingo wa Azulu kapena Asutu. Womasulira akhale munthu wodziwa mawu a mpingo. Mphunzitsi wa Chingerezi wosapemphera nafe angathe kumasulira "wa mgonero" ngati munthu amene anangolawapo Mgonero, kapena "chilango" ngati chilango cha khoti. Mukamaliza, wina awerenge Chingerezicho n'kukubwezerani m'Chichewa pakamwa. Pamene pasiyane ndi pamene pali cholakwika.

Manambala a foni ayambe ndi +258. Ambiri a m'malire muno amagwiritsa ntchito simu ya ku Malawi chifukwa ndiyo imagwira bwino, ndipo palibe cholakwika, koma mlembi wa ku Joni akaona mpingo wa ku Mozambiki uli ndi nambala ya +265 adzadabwa. Ikani zonse ziwiri ngati zilipo, n'kulemba imene ili pa WhatsApp.

Pa WhatsApp pomwepo pali njira yophweka yothetsera kukayika konse. Munthuyo akupatseni nambala ya abusa kapena mlembi wa kumeneko. Abusa anu awaimbire kapena kuwalembera, kenako inu mujambule kalata yosainidwa n'kutumiza mwachindunji. Akadzafika ndi pepala, adzangoyerekeza ndi chithunzi. Kuimbako kumakuthandizaninso inuyo, pakuti mudzadziwa ngati mpingowo ulidi pansi pa sinodi yodziwika kapena ndi kagulu kamene munthu wina anayambitsa m'galaja n'kukapatsa dzina lofanana. Mukapanda kupeza dzina lenileni la mpingo, mutha kulemba kuti "kwa mpingo wa Reformed kapena Presbyterian umene kalatayi idzafikeko", koma kalata yotere ndi yofooka ndipo ndi yosavuta kuibwereketsa kwa wina. Pepala lenilenilo alikulunge m'pulasitiki, asalipinde kanayi n'kuliika m'thumba la thalauza. Ulendo wa pa Kuchamano, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi wautali, thukuta limafufutitsa inki ya chidindo. Kope imodzi itsale m'faelo yanu, ndipo m'buku, pafupi ndi dzina lake, mulembe ndi pensulo kuti ali kunja ndi kalata nambala yakuti.

Tsopano zimene simuyenera kulemba. Kalata ya mpingo si chilolezo chokhalira m'dziko la eni. Nzika ya Mozambiki imalowa ku South Africa ndi pasipoti popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo kumeneko n'kuyendera, si kugwira ntchito. Ena adzakupemphani kuti mulembe zoti mpingo wawatuma kukalalikira kapena kukachita nawo msonkhano, poganiza kuti ziwathandiza pa chipata. Kanani. Ndi bodza lokhala ndi chidindo cha mpingo, ndipo likagwidwa, makalata onse ochokera kwa inu amataya ulemu. Musapemphenso mpingo wolandirawo kuti umupezere ntchito kapena malo ogona. Mipingo ya alendo ku Joni ndi ya anthu ovutikanso, ndipo kalata ikayamba ndi pempho la thandizo amaiwerenga ndi mtima wina. Akamudziwa adzamuthandiza okha. Za matenda ake, mikangano ya kumudzi ndi chifukwa chimene wachokera, zisiyeni.

Nanga akanakhala kuti ali pa chilango? Poti funsoli lidzakupezani tsiku lina, ndiliyankhiretu. Wodulidwa sapatsidwa kalata yoyera, ngakhale achibale ake atakuchondererani kuti akayambe moyo watsopano. Komanso si bwino kumukaniza kalata iliyonse, chifukwa ndiye kumutaya kumene. Kalata imene anyamule inene mwachidule kuti ndi wobatizidwa, ndi wa mpingo uno, panopa sakudya Mgonero, ndipo abusa athu alankhula nanu. Mlanduwo, tsiku limene anadulidwa ndi zimene zatsala kuti abwezedwe zipite padera, abusa kwa abusa, mwini wake atauzidwa kuti zikupita. Pepala loyenda m'chikwama limawerengedwa ndi aliyense wokhala naye chipinda chimodzi.

Pali bwalo lina limene limagwira kalata mpaka munthu atamaliza chopereka cha lonjezo. Mpingo uli ndi ufulu wokumbutsa, inde, koma kugwira kalata chifukwa cha mametikali ochepa kumangochititsa kuti munthu apite chimanjamanja, ndipo ndalamazo simuzionabe. Ndalama za mpingo zimene anasunga monga msungichuma wa kwaya kapena wa achinyamata ndi nkhani ina. Zimenezo aziwerengetse ndi kuzipereka asanalandire kalata, chifukwa simungalembe kuti alibe mlandu buku la ndalama lisanatsekedwe.

Kalata ikapita, ntchito yanu sinathe. Dikirani yankho miyezi itatu. Likapanda kubwera, funsani mwini wake kudzera kwa mkazi wake kapena pa foni. Nthawi zambiri yankho limakhala limodzi mwa atatu: sanaiperekebe chifukwa amagwira ntchito Lamulungu, anasamukira tauni ina, kapena akupemphera ku mpingo wa mtundu wina. Woyambayo mumulimbikitse kuti akaonane ndi mkulu wa mpingo pakati pa sabata, kalata siiperekedwa pa guwa pokha. Wachiwiri, mbali ya Chingerezi ija imuthandiza, koma ngati nthawi yatha kapena dzina la mpingo lasintha, mulembereni ina ya nambala yatsopano n'kulemba m'faelo kuti yoyambayo yafa. Wachitatu, bwalo lidziwe. Mipingo yobatiza momiza m'madzi kawirikawiri imamubatizanso munthu ndipo siifunsa kalata, ndiye yankho lochokera kumeneko musaliyembekezere. Mufunseni iye mwini ngati walowadi, n'kulemba m'buku monga mwa malamulo a sinodi yanu.

Pempho la kalata yosamukira likadzafika, bwalo lionenso dzina lake, ndipo nthawi imeneyo mufunse mpingo wa ku Joni umboni wa makhalidwe ake, popeza iwo ndiwo akhala naye. Dzina mulichotse m'buku pokhapokha atakuyankhani kuti alilemba m'buku lawo, ndipo mzere wake muutseke ndi tsiku la yankholo, osati tsiku limene ananyamuka.